Miyezi itatu yomwe nyumba inakhala yopanda munthu

Ndili ndi nyumba imodzi yobwereketsa pa Boma pa Dedza, kumtunda kwa msika. Ndinaimanga pang'onopang'ono ndi malipiro anga a ukalaliki. Ife timakhala kumudzi, cha ku Kasina, komwe mayi akunyumba amalima kachewere.

Chaka chatha alamu anga, mchimwene wa mayi akunyumba, anabwera Lamlungu titachoka ku Misa. Iwo ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo anali atapeza puloti yogulitsa pafupi ndi nyumba yathu ya pa Boma ija.

"Alamu, mukugona," anatero. "Lendi yanu ndi K200,000 pa mwezi. Pa chaka ndi K2,400,000. Nyumba ngati iyo, ndi malo omwe, ndikumangirani ndi K20 miliyoni. Pa K100 iliyonse mukukolola K12 muli khale. Gulitsani ng'ombe ndi ngolo, mlongo wanga aikepo ndalama za kachewere, tiyambe maziko."

"Nanga fetereza ndigula ndi chiyani, achimwene?" anafunsa mayi akunyumba.

"Udzasiya kukanda dothi, iwe. Udzakhala mkazi wa alandilodi."

Mayi akunyumba anaseka, koma ndinaona kuti mawuwo awalowa. Ng'ombezo ndi zomwe zimatulutsa kachewere kudimba kukafika pamsewu. Zikapita, ulimi wawo wathera pomwepo. Ndinapempha alamu sabata imodzi yoti ndiganize.

Malisiti ndimasunga m'chitini cha mabisiketi. Loweruka m'mawa ndinawayala pamkeka pakhonde, ndikupsinja ndi miyala chifukwa cha mphepo.

Choyamba ndinawerenga miyezi. Alamu anawerenga khumi ndi iwiri, koma ine ndinalandira isanu ndi inayi. Mphunzitsi amene ankakhalamo anasamutsidwa mu Epulo, ndipo wina analowa mu Ogasiti. Anthu a ntchito za boma amatero, kalata ikabwera amanyamuka. Choncho ndalama zomwe zinalowa zinali K1,800,000.

Kenako zotuluka. Kuno mu Juni kumazizira, ndipo alendi amalowetsa mbaula m'nyumba. Aliyense akatuluka, makoma ndi siling'i zimakhala zakuda. Penti ndi womupaka zinadya K250,000. Mlonda wa miyezi itatu ija, kuti anthu asazule mawaya ndi mipopi, K180,000. Paipi yophulika ndi maloko atsopano, K100,000. Msonkho wa malo pamodzi ndi thiransipoti yanga yokatolera lendi, K70,000. Zonse K600,000. Zinatsala K1,200,000.

Pa zotsalazo ndi pomwe pamawerengedwa msonkho wa boma, chifukwa lendi ndi phindu ngati malipiro. Poti ndili kale pa ntchito, lendi imakwera pamwamba pa malipiro anga, ndipo chaka chimenecho msonkho unatenga gawo limodzi mwa magawo anayi: K300,000. M'thumba munatsala K900,000. Nditagawa ndi K20 miliyoni ija, ndinapeza K4.50 pa K100 iliyonse.

Ndinabwerezanso kawiri. Sizinasinthe.

Alamu atabweranso ndinawapatsa pepalalo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Msonkhowu mukuuwerengeranji? Akudziwa ndani kuti muli ndi nyumba?"

"Ndikudziwa ine."

"Inu alamu, mukanakhala wansembe! Nanga mtengo wa nyumba sukwera chaka ndi chaka?"

"Umakwera. N'chifukwa chake iyi sindigulitsa. Koma kukwera kwa mtengo sikugula fetereza mu Novembala, pokhapokha nyumbayo nditaigulitsa."

Mayi akunyumba anatenga pepalalo. Sukulu anasiyira pulayimale, koma masamu a ndalama sawaphonya. Analoza K900,000 ija ndi chala.

"Ndalama izi ndi za chaka chonse?"

"Chonse."

"Achimwene, dimba langa limaposa apa, ngakhale chaka cha matenda a chiwawu. Ng'ombe zanga zisiyeni."

Alamu ananyamuka osamaliza tiyi, akung'ung'udza kuti anthu ophunzira amaopa ndalama. Panapita mwezi asanatipondere pakhomo.

Ine pepalalo linandisiyira ntchito ina. Dzenje lalikulu silinali penti kapena msonkho, koma miyezi itatu ija, pamodzi ndi mlonda wake. Amene analowa mu Ogasiti ndi namwino, kwawo ndi konkuno ku Dedza, ndipo ana awo ali pasukulu yapafupi. Ndinapita kukakambirana nawo. Ndinatsitsa lendi kufika K180,000, iwo n'kusayina kuti akhala zaka ziwiri, ndi kuti mbaula izikhala kukhitchini ya panja. Miyezi khumi ndi iwiri pa mtengo wotsikawo ndi K2,160,000, kuposa zomwe ndinalandira pa mtengo wokwera.

Alamu atamva anauza anthu kutchalitchi kuti ndine landilodi woyamba m'Dedza kutsitsa lendi popanda wondipempha. Puloti ija inagulidwa ndi munthu wina wa ku Chimbiya. Lolemba lotsatira tinamanga ng'ombe pangolo, ndi kukatenga matumba oyamba a kachewere kudimba.