Botolo pa Tebulo la Aphunzitsi a Masamu

Chithunzicho chinandipeza m'minibasi Lolemba lina m'mawa, ndikuchokera ku Kande komwe ndinkachita lendi, ndikupita kusekondale imene ndinkaphunzitsa pafupi ndi Chintheche. Mayi wina amene ananyamula beseni la usipa pamiyendo anandigwira pamkono n'kundionetsa foni yake.

"Madamu, awa si anzanu awa?"

Anali anzanga ndithu, aphunzitsi athu a masamu, bambo wachikulire amene anatsala pang'ono kupuma pantchito, komanso mkulu wa mpingo cha ku Bandawe. Pachithunzipo anakhala patebulo loyalidwa chitenje panja pa kalasi, ana ali pamzere kulandira zotsatira za mayeso. Pafupi ndi dzanja lawo panali botolo la mowa, lotsegula kale. Pansi pake wina analemba m'Chitonga kuti awa ndiwo akutiphunzitsira ana.

Ndinafika kusukulu ndili wotopa ngati ndaphunzitsa kale tsiku lonse. Mu sitafu aliyense anali atachiona, ndipo aliyense ankachita ngati sanachione. Eniakewo anakhala pakona pawo akuchonga makope. Ahedi anandiitana mu ofesi.

"Makolo akufuna msonkhano Lachisanu," anatero. "Akumpingo nawonso aimba foni. Inu munapita kumaphunziro aja a zithunzi. Taonani ngati pali chimene tinganene."

Maphunzirowo anatichititsa mtolankhani wina wa wailesi ya m'dera lathu, mayi amene ntchito yake inali kufufuza ngati nkhani zoyenda m'mafoni zili zoona. Ndinapitako chifukwa choti anzanga onse anakana, ndipo zambiri ndinali nditaiwala. Chimene ndinkakumbukira n'chakuti musanayang'ane chinthu chimene chikukudabwitsani, yambani mwapeza kaye kumene kuli dzuwa.

Pa nthawi yopuma ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kukulitsa chithunzicho ndi zala. Dzuwa linali kumanzere. Mithunzi ya ana, ya mulu wa makope ndi ya miyendo ya tebulo yonse inagwera kumanja. Koma botololo linkanyezimira mbali ya kumanja, ngati kuti linali ndi dzuwa lakelake. Zilembo za pabotolo zinkawerengeka bwinobwino, pomwe zilembo za pamakope oyandikana nalo zinali mbuu.

Kenako ndinaona mthunzi wa patebulo. Unali waukulu, wonenepa, ndipo cham'mbali unali ndi chogwirira. Botolo la mowa lilibe chogwirira. Ndinadziwa kuti unali mthunzi wa fulasiki, chifukwa bambowo sankayenda opanda tiyi wawo.

Ndinamuimbira mtolankhani uja. Anayankha ndi mawu a munthu amene wafunsidwa kale funso lomwelo kambirimbiri tsiku lomwelo. Nditamufotokozera, anati ndimutumizire, ndipo patapita kanthawi anandiimbiranso.

"Zamthunzizo mwaona bwino, madamu. Tayang'ananinso chitenjecho, kumanzere kwa botolo. Duwa lofiiralo likuoneka kawiri, lofanana ndendende, ndi khwinya lomwe. Nsalu imabwereza maluwa, inde, koma khwinya silibwereza. Amene anasintha chithunzichi anakopera kachigawo ka nsalu n'kumata pamene panali fulasiki, chifukwa botolo ndi lowonda, silikanaphimba malo onse."

Ndinamuuza kuti m'mphepete mwa botolomo mulinso timadontho tachilendo.

"Zimenezo musazitchule n'komwe," anatero. "Chithunzi chikayenda m'mafoni ambiri chimaphwanyika choncho paliponse, ngakhale pankhope za anawo. Mukanena, wina adzakuonetsani zomwezo pamalo ena, ndipo zoona zanu zonse zidzagwa nazo. Komanso mthunzi pawokha sukwanira kwa anthu okwiya. Pezani chithunzi choyambirira."

Kuchipeza kunanditopetsa kuposa china chilichonse. Tsiku lotsekera sukulu makolo ambiri anajambula, koma ena mafoni anawonongeka, ena anafufuta kuti apeze malo, ena sanafune kulowerera. Madzulo ndikaweruka ndinkayenda khomo ndi khomo m'midzi ya asodzi, ndikulankhula Chitonga changa chopunduka, anthu n'kumandiyankha m'Chichewa mwachisoni. Bambo wina akusoka ukonde anandifunsa ngati aphunzitsiwo ndi abale anga. Nditati ayi, anandiyang'ana ngati ndasowa chochita.

Ndinachipeza Lachinayi kwa bambo wina wophika pa loji ina ku Kande, amene mwana wake anali kutsogolo pamzere uja. Ndiye anajambula, n'kuchiika pagulu la makolo la pafoni, limene ife aphunzitsi sitinalimo, tsiku lomwelo ponyadira mwana wake. Anatuluka kukhitchini atavala epuloni, n'kufufuza m'foni mwake kwa nthawi yaitali. Chinalipo. Tebulo lomwelo, ana omwewo, ndi fulasiki yobiriwira itaima pamwamba pa mthunzi wake.

"Nditachiona china chija ndinadziwa kuti ndi changa," anatero. "Koma ine ndine wobwera kuno, madamu. Ndinaopa kuti azinena kuti ndine ndachita."

Lachisanu makolo anadzaza kalasi ya Fomu 4. Pulojekita tinalibe, choncho ndinasindikiza zithunzi ziwirizo pashopu ina pa Chintheche n'kuzimata pabolodi moyandikana. Ndinafotokoza za dzuwa, za mthunzi wa chogwirira ndi za duwa lija, mnzanga wina akumasulira m'Chitonga. Anthu anabwera kutsogolo m'magulumagulu, ena akuloza ndi chala, ena akugwedeza mitu.

Kenako bambo wina kumbuyo anaimirira.

"Nanga tidziwa bwanji kuti chosinthidwa si chafulasikicho?"

Silinali funso lopusa. Ndinamuonetsa kuti pachithunzi cha fulasiki mthunzi ukugwirizana ndi chinthu chake, nsalu ilibe malo obwereza, ndiponso kuti chinaikidwa pagulu la makolo teremu yatha, china chija chisanaoneke n'komwe. Ena anatsegula mafoni awo n'kuchipezadi. Bamboyo anakhala pansi, koma nkhope yake sinasinthe.

Komiti ya sukulu inanena kuti aphunzitsi alibe mlandu. Akumpingo anavomereza. Mtolankhani uja anaulutsa nkhaniyo pawailesi Loweruka masana, nthawi imene anthu ambiri anali kumsika ndi kuminda ya chinangwa. Amene anapanga chithunzicho sanadziwike. Ena ankati ndi mwana amene analephera masamu, ena ankati ndi nkhani za kumpingo, ndipo ine ndinalibenso mphamvu zofufuza.

Aphunzitsi a masamu aja anadikira mpaka msonkhano unatha. Anthu atabalalika anandipeza ndikumatula mapepala pabolodi.

"Yewo, madamu," anatero pondithokoza m'Chitonga. "Mwavutika."

"Zatha tsopano, aphunzitsi."

"Kwa amene anabwera pano zatha. Mwana wanga ali ku Joni analandira choyamba chija. Chachiwirichi ndichita kumutumizira ndekha, ndipo ndi chamanyazi kuti munthu wa msinkhu wanga azitumizira mwana wake umboni woti saledzera."

Anaphunzitsabe mpaka kumapeto kwa chaka n'kupuma monga momwe zinayenera kukhalira. Koma ntchito yowerenga zolengeza kutchalitchi anaisiya okha. Ankati akaima kutsogolo sankadziwanso kuti ndani mwa omwe akuwayang'ana anaona chithunzi chiti.

Ahedi anandipempha kuti teremu iliyonse ndiziphunzitsa ana a Fomu 3 kuona zinthu zoterezi, ndipo ndimatero. Timatuluka panja, ndimaimika mwala ndi kapu padzuwa, ana n'kujambula mithunzi yake m'makope. Amaphunzira msanga kuposa mmene ndinaphunzirira ine. Chaka chatha mtsikana wina anandifunsa ngati ndingawaonetsenso mmene amachotsera mthunziwo kuti munthu asagwidwe. Anzake anaseka. Ndinamuuza kuti sindidziwa, zomwe zinali zoona, ndipo belu litalira ndinatola mwala ndi kapu yanga n'kupita kukalasi lina.