Tambala wa Amalume pa Geti ya Famu

Kalata yondiimitsa ntchito inali yaulemu kwambiri moti ndinayamba kutuluka thukuta. Ndinali wosunga sitolo pa famu ina ya nkhuku kufupi ndi Silverest, ndipo matumba a chakudya cha nkhuku anali atasowa. Mayi wa ku ofesi ya antchito anandiwerengera pang'onopang'ono: kuimitsidwaku si chilango, palibe amene wandipeza wolakwa, malipiro adzabwera onse. Akungofuna kufufuza ine ndili kunja. Ndisiye makiyi, foni ikhale yotsegula nthawi ya ntchito, ndisafike pa famu, ndisalankhule za nkhaniyi ndi antchito anzanga, kaya ndekha kaya kudzera mwa munthu wina.

"Mwamvela, ba sitolo?"

Ndinati ndamva. Koma kwathu ku Chongwe anthu sanamve.

Pofika kunyumba ndinapeza azimayi a kutchalitchi atakhala pamphasa, mitu ili pansi. Wina anali atayamba kale nyimbo ya maliro. Galu wathu, ndikulumbira, anandiyang'ana kamodzi n'kusamukira kwa aneba. Mwezi utatha malipiro analowa osachotsedwa kalikonse, ndipo apo ndi pomwe anthu anaopa zenizeni.

Amalume anabwera kuchokera kumudzi ku Nkomeshya atavala jekete la milandu. Ndinawamasulira kalata yonse. Anagwedeza mutu.

"Mphwanga, munthu akulipila uli gone pa nyumba? Uyo akunola mpeni. Nkhani siikambiwa na pepala. Akulu amayenda kukagwada."

"Amalume, ngati mwapepesa, ndiye kuti ninaba."

"Kupepesa ni ulemu chabe. Iwe unabadwa liti?"

Ndinawapempha, ndinawalumbiritsa kuti asapite ku famu. Anavomera mofulumira, ndipo munthu ameneyo sanavomerepo chinthu mofulumira chibadwire.

M'mawa mwake ndinapeza njinga yanga palibe. Mkazi wanga anali kusesa malo amodzi osasuntha.

"Amalume ayenda na tambala," anatero osandiyang'ana.

Amene sanagwirepo ntchito pa famu ya nkhuku sangamvetse. Pa geti ya famu ngakhale bwana amaponda m'madzi a mankhwala. Wantchito saloledwa kuweta nkhuku kwawo, kuopa chitopa. Tambalayo sanali wanga, amalume anabwera naye kuchokera kumudzi, koma ndani akanafunsa? Mlonda anandiuza pambuyo pake kuti amalume anagwada pa getipo, pakati pa msewu, tambala kukhwapa, n'kufuula kuti mwana wawo akhululukidwe, sadzachitanso. Akuti tambalayo anatsokomola. Ine sindinaliko, koma mlondayo ndi dikoni.

Masana foni inalira. Anali mayi wa ku ofesi uja, mawu ake ofewa ngati kale.

"Ba sitolo, kufufuza kunali pafupi kusila. Manje mubwele Lachisanu, kalata ina ibwela na zonse. Muli na ufulu wobwela na munzanu wa pa nchito. Tifuna mutiuze ngati amalume anu munawatuma, na chimene akuti simuzachitanso."

Ndinafunsa ngati ndikadali wosalakwa.

"Palibe chimene tagamula," anatero, n'kudula.