Khoma la a Andreya linalibe simenti

Lipoti la ku ofesi likuti khoma la kuseri kwa laini yathu linagwa chifukwa linamangidwa popanda simenti, ndi munthu wosaphunzira. Kalaliki wa pa sikelo ndiye anandiwerengera, ndipo ndikakumbuka mawu amenewo mtima umandiwawa mpaka lero. Ine ndine Tikhala. Ndatchola tiyi pa esiteti ino zaka makumi awiri ndi zitatu, ndinkagona m'nyumba yachitatu pansi pa khomalo, ndiye bodza limeneli sindingalimeze.

Munthu wosaphunzira akumunenayo ndi a Andreya Nahipa a ku Masambanjati. Ndi bambo wamfupi, wosalankhulalankhula, zala zake zokhakhala ngati khungwa la mbawa. Sukulu analekezera Sitandade 4, zimenezo n'zoona. Mu 1984 anatsatira amalume awo ku Zimbabwe kukafuna ntchito, ndipo anaipeza kufupi ndi Masvingo, pa mabwinja a mzinda wakale wamiyala wotchedwa Great Zimbabwe. Anayamba n'kunyamulira miyala amisiri okonza makoma. Khoma likatupa mimba, amisiriwo ankalemba nambala pa mwala uliwonse, n'kuliphwasula, n'kubwezera mwala uliwonse pamalo pake. A Andreya anachita zimenezi zaka zisanu ndi zinayi, kenaka anabwerera kwawo n'kulembedwa ntchito yokonza ngalande ndi timilatho pa esiteti.

Laini yathu, nyumba zisanu ndi zitatu za antchito, inamangidwa m'munsi mwa chitunda cha tiyi. Dzinja lililonse dothi lofiira linkatsika n'kudzatipeza m'khitchini. Manijala wa nthawi imeneyo atatopa ndi madandaulo athu, mu 2009 anauza a Andreya kuti achitepo kanthu. Simenti sanapatsidwe, ndipo iwo sanaipemphe.

Amayi a pa laini tinkathandiza kutunga madzi, choncho ntchito yonse ndinaiona ndi maso angawa. Kumtunda kwa damu la esiteti kuli thanthwe lalikulu. A Andreya ankaunjika nkhuni za bulugamu pathanthwepo, n'kusonkha moto kuyambira m'mawa mpaka masana. Mwala ukatentha, ankapalasa makala ife n'kukhuthula zidebe za madzi ozizira. Thanthwe linkalira kuti thee, pamwamba pake n'kusendeka chigamba chophwatalala, chochindikala ngati kutambalala kwa chikhatho.

"Mwala wotere umasenda wokha ndi dzuwa komanso kuzizira, mayi," anandiuza tsiku lina. "Moto ndi wongoufulumizitsa. Akale aja ankachita chomwechi. Wa kwawoko umasenda bwino kuposa uno, koma unonso umamva."

Chigambacho ankachiswa m'zidutswa zonga njerwa zikuluzikulu, zoti munthu n'kunyamula yekha. Nkhope ya mwala ankaisalaza poigogoda ndi mwala wina wakuda, wolimba kwambiri, ngakhale hamala anali nayo. Kenaka ankasanja miyala ija m'milu potengera kuchindikala kwake, kuti mzere uliwonse ukhale wa miyala yofanana.

Maziko akuya sanakumbe. Anangochotsa dothi lofewa mpaka anapeza pouma, n'kusalaza. Mwala uliwonse ankaugoneka mbali yaitali italoza m'kati mwa chitunda, ndipo wa pamwamba unkakhala pamene iwiri ya pansi yakumanirana. Ukagwedera ankautembenuza kapena kuubweza pa mulu. Kuseri kwa mzere ankalongedza zibenthu ndi manja, chimodzichimodzi, osati kungokhuthula. Mzere uliwonse ankaubweza m'mbuyo pang'ono, mwina chala chimodzi, moti khoma lonse linatsamira chitunda. Silinali lowongoka ngati chingwe, linkakhota motsatira phiri, poti ankati khoma lokhota siligwa msanga. Pansi penipeni, masitepe asanu alionse, anasiya bowo lotulukira madzi, lovindikira ndi mwala wautali.

Pa nthawi yopuma tinkawafunsa za mzinda uja. Ankati khoma lake lalikulu ndi lotalika mamita khumi ndi imodzi, ndipo pansi m'malo ena n'lochindikala mamita asanu, likumka lichepa chokwera m'mwamba. Lili ndi nkhope ziwiri, yakunja ndi yam'kati, pakati podzaza miyala, popanda dothi lomatira ngakhale pang'ono. Chimene chimaligwira ndi kulemera kwake komwe. Denga silinasenzepo, chifukwa nyumba za anthu zinali zadothi, m'kati mwa mpanda. Eni ake ankatumiza golide ndi minyanga ku Sofala, m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Mozambiki, n'kulandira mikanda, nsalu ndi mbale zochokera kutali ku China.

"Zaka zoposa mazana asanu ndi limodzi lili chiimire," anatero. "Pamene limatupa ndi pamene nkhope sinagwirane bwino ndi miyala yam'kati. N'chifukwa chake ine ndimaloza mwala m'kati. Koma lathuli ndi la mtundu wa ku Khami, kufupi ndi Bulawayo. Kumeneko ankamanga makoma ogwira chitunda, nyumba n'kukhala pamwamba."

A Andreya ankawasekanso azungu akale amene ankakana kuti munthu wakuda angamange zotere, n'kumati anamanga ndi alendo a kutsidya la nyanja. Ife tinkaseka nawo. Sitinadziwe kuti tidzamva zofanana nazo kuchokera kwa mwana wa Mmalawi mnzathu.

Khoma lathu linatha m'miyezi isanu ndi iwiri. Linali lotalika kupitirira mutu wa munthu, masitepe makumi asanu ndi limodzi m'litali. Mvula ikagwa linkachita thukuta paliponse, madzi oyera akudontha m'mipata ndi kutuluka m'mabowo aja. Kwa zaka khumi ndi zitatu dothi silinalowenso m'khitchini mwanga.

Ndiye mu 2022 kunabwera a Keith, wachiwiri kwa manijala, mnyamata wa madigiri ndi nsapato zosadziwa matope. Kunkayembekezeka alendo ogula tiyi, odzaona mmene antchito timakhalira. A Keith anayendera laini, anaima pa khoma, n'kulowetsa kiyi wa galimoto mumpata wa miyala.

"Madala, ichi n'chiyani? Mulu wa miyala pamwamba pa nyumba za anthu? Ndipo m'mabowomu simukhala njoka? Mawa mutenge simenti ku sitolo, mumate ponse, mupake laimu."

A Andreya anavula chipewa. "Bwana, khoma limeneli limapumira m'mipatamo. Mukalimata, madzi a m'chitunda adzasowa kotulukira. Adzadzaza kuseri, ndipo dothi lonyowa ndi lolemera. Lidzakankha khoma lonse nthawi imodzi."

"Munaphunzira kuti zimenezo?"

"Ku Great Zimbabwe, bwana."

A Keith anaseka. "Kuja n'kumabwinja, madala. Ife tikumanga za anthu amoyo."

Anthu amoyowo tinali pomwepo, madengu kumsana, koma palibe anatifunsa. Ndinene zoona, nanenso ndinangokhala chete, kuopa ntchito, ndipo chimenechi chimandichititsa manyazi. A Andreya anakana katatu kumata khoma lawo. Kachitatu anapatsidwa kalata yoti akapume poti akula, ndipo anabwerera ku Masambanjati. Kunabwera kontilakita wa ku Luchenza amene anamata mpata uliwonse, mabowo onse anawatseka, n'kupaka laimu mbee. Anasiya masitepe khumi ndi anayi okha a kumapeto, kuseri kwa mabafa, poti kumeneko alendo sakanafikako. Alendowo anabwera, anajambula zithunzi, anati n'zokongola.

M'mwezi wa Malichi chaka chotsatira kunabwera namondwe Freddy. Mvula inagwa masiku atatu osapuma. Tsiku lachitatu, cha m'ma teni koloko m'mawa, ndinaona munthu akutsika mumsewu wa m'tiyi atafunda thumba la feteleza. Anali a Andreya. Anayenda wapansi kuchokera kwawo, milatho itakokoloka, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Sanalonjere aliyense. Anapita kukhoma, anaika chikhatho pa pulasitala, kenaka anatsamira n'kuyang'ana m'litali mwake.

"Mayi Tikhala, bwerani muone."

Khoma linali louma ngati mvula kulibe. Pakati pake linali litatupa mimba, ndipo mng'alu wopyapyala unkatsika kuchokera pamwamba, ukulavula madzi ofiira.

"Tulutsani ana. Katundu musiyeni."

Tinatuluka mabanja asanu ndi atatu, ena akunyinyirika, tinakaima pa shedi ya sikelo. Panapita ola limodzi ndi theka. Kenaka khoma linaphulika pakati, zigamba zikuluzikulu za miyala yomatana zikugubuduka, chitunda chonse chikubwera pambuyo pake. Nyumba zisanu zinakwiririka mpaka m'mawindo, yanga pakati pawo. Palibe anafa. Masitepe khumi ndi anayi a kuseri kwa mabafa anangoima, madzi akutuluka m'mipata yonse ngati m'dengu.

Ndiye mundiuze inu, lipoti lija analemba akuyang'ana kuti? Dzina la kontilakita mulibe. Pulasitala sanamutchule. Za munthu amene anayenda m'namondwe kudzatitulutsa mulibe ngakhale mzere umodzi. Muli "popanda simenti" ndi "wosaphunzira" basi, pansi pake siginecha ya a Keith.

Mvula itatha a Andreya anabweranso ndi choko m'thumba. Anayamba kufukula miyala yawo m'matope, kugogoda simenti yomwe inakakamira, n'kuisanja m'milu monga kale. Tsiku lachiwiri mlonda anawathamangitsa, ati miyalayo ndi katundu wa kampani. Sabata yotsatira a kampani anaiphwanya yonse kukhala kwale wothira mu konkireti ya khoma latsopano. Miyala yomwe bambo uja anaisalaza umodziumodzi kwa miyezi isanu ndi iwiri inatha m'masiku anayi. Injiniya wochokera ku Blantyre analamula kuti m'khoma latsopanolo aikemo mapaipi apulasitiki m'munsi monse, otulutsira madzi. Ndinamva ndi makutu anga a Keith akuuza kapitawo kuti zimenezi ndiye nzeru za anthu odziwa ntchito.

Lamlungu lina ndinakwera kabaza kupita ku Masambanjati. Ndinawapeza a Andreya m'munda wa nthochi, akuika mwala pa kakhoma kawo ka m'chitunda. Ndinawauza za lipoti, za miyala yawo, za mapaipi a m'khoma latsopano, ndi kuti tipite limodzi ku ofesi, ine ndikalankhula ngakhale andichotse ntchito. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mapaipiwo aika angati?" anafunsa.

"Sindinawerenge, bambo. Ambiri."

"Ali pansi penipeni? Kuseri kwake anaikako miyala, kapena dothi lokha?"

"Ali pansi. Miyala anaika."

Anagwedeza mutu, anatola mwala wina n'kuutembenuza m'manja. "Basi, mukhoza kugona m'nyumbamo. Koma muziwayang'ana dzinja lisanayambe. Wina asadzawatseke poopa njoka."

Ku ofesi anakana kupita. Ine ndinapita ndekha Lolemba, ndinadikira pa benchi mpaka masana, mlembi n'kundiuza kuti lipoti linatumizidwa kale ku likulu ndipo silisinthidwa.