Mtsinje wa mwana wanga

Mwana wanga wamkulu anayamba kulota mtsinje chaka chomwe mng'ono wake anabwerera kuchokera ku Joni. Zaka zambiri awiriwa sankalankhulana, chifukwa cha dimba la bambo awo la kumtsinje, kumunsi kwa Edingeni. Wamkuluyo analibwereketsa kwa mlimi wina wa fodya mng'ono wake asanauzidwe.

Malotowo anali amodzimodzi. Ali tsidya lino, madzi afika m'chiuno, tsidya linalo pali munthu womupatsa msana atanyamula chikho. Akaitana, mawu osatuluka. Ankadzuka ali thukuta.

Ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Koma mwana wamwamuna amamva za mayi ake? Anakaulula kwa mkazi wake, mkaziyo kwa anzake a kumpingo, ndipo pofika tsiku la msika aliyense anali womasulira maloto. Wina akuti madzi ndi imfa. Munthu wina wodzitcha mneneri ku Boma anamuuza kuti wam'tsidyayo ndi mng'ono wake, akumukonzera mankhwala m'chikhomo. Anafunanso tambala woyera. Ndinakwiya chomene. Munthu wosadziwa ngakhale dzina la mtsinje wathu, n'kumaloza mwana wanga ufiti!

Inenso wamng'onoyo sindinkamukhulupirira kwenikweni. Ndinkamuyang'ana manja akabwera ndi shuga. Koma sindinafune kuti chala chimuloze, chifukwa kwathu kuno munthu akatchulidwa mfiti, mudzi amausiya.

Ndinamukhazika wamkuluyo pakhonde.

"Iwe, chikho chimenecho n'chotani?"

"Chosweka kukamwa, amama."

"Nanga wachinyamulayo waimirira bwanji?"

"Wapendekera kumanzere."

"Mng'ono wako amapendekera? Ukufuna mneneri akuuze maimidwe a bambo ako?"

Bambo awo atamwalira, tinameta, koma mowa wa chikumbutso sitinaphike. Mowa umenewo saphika mwana mmodzi. Ana onse amasonkha mawere, amatungitsa madzi, ndipo wamkulu akathira pansi kutchula malemu, amamwa n'kupatsira mng'ono wake chikho chomwecho. Awiriwa aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe. Malemu anangokhala tsidya, osalowetsedwa m'mudzi.

M'mawa mwake wamkuluyo anatenga lichero la mawere yekha, osatuma munthu, n'kupita kwa mng'ono wake. Ine ndinatsatira patali, kuopa zikwanje.

"Akulu, mwasochera?" anatero wamng'onoyo.

"Ndabwera ndi mawere a adada. Ako ali kuti?"

"Dimba lija munandifunsa?"

"Sindinakufunse. Fodya akachoka, ukalime ndiwe."

"Mbwenu mwayamba kulankhula ngati munthu."

Mawere tinaviika, anamera, tinayanika, tinapera. Tsiku la mowa a kumpingo ena anakwinya nkhope, komabe anakhala. Wamkuluyo anathira pansi, anamwa, anapereka chikho. Wamng'onoyo anachiyang'ana m'kati kaye, mwana wanga ndithu ameneyo, kenako anamwa.

Mtsinje uja wamkuluyo sanaulotenso. Tambala woyera uja anali atamugula kale, ndinamupha ndekha tsiku lomwelo, alendo anadya.