Tulo Tanga ndi Denga la Akazi Anga

Ine sindidabadwe waulesi. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa kuno ku Majaua alipo anthu, ena ndi achibale ndithu, amene nkhaniyi amaikamba mokhotetsa akakhuta.

Kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi ndinali munthu wodziwika. Tsiku logawa ufa ndi nandolo, kalaliki ankawerenga dzina papepala ndi timawu take tangati ta udzudzu, ine n'kulitola dzinalo n'kuliponya mpaka kumapeto kwa mzere. Zilembo sindinkazidziwa kwenikweni, koma popanda ine anthu akadagona ndi njala. Tambala ankalira ine nditasamba kale.

Mtendere utabwera, malole adatitula ku Milange, ife n'kuyenda wapansi mpaka kumudzi kwa akazi anga, kumene ndidalowa chikamwini ndili mnyamata. Nyumba tidapeza kulibe. Pamene panali khonde padamera mtengo wa mpoza, wobereka kale. Tidazika mitengo, kumata dothi, pamwamba n'kuyala lona yomwe tidachoka nayo kukampu, yong'ambikang'ambika ngati malaya a wamisala. Kenaka tidagawana ntchito: akazi anga kumunda kukalimbana ndi zitsa, ine denga. Udzu, nsungwi, luzi, kufolera, zonsezo zanga. Ndipo udzu sudikira munthu. Ukachedwa, osaka mbewa amautentha.

Apa ndi pamene tulo tidandipeza.

Ndinkagona nkhuku zikangolowa, n'kudzuka dzuwa litatentha lona mpaka kununkha. Podzukapo mutu waa, kukhosi gwaa, thupi ngati ndachezera kusenza miyala. Ndikatenga chikwakwa n'kukhala pansi kuti ndichinole, ankadzandidzutsa ndi akazi anga pobwera kumunda, chikwakwa chili pamiyendo.

"Bambo inu, anzanu abwerako kawiri kudambo."

"Ndikuganiza kaye kafoleredwe kake."

"Mumaganiza ndi mkonono?"

Mwezi udatha. Nyumba za anzathu zidavala udzu, yathu ili chivulire. Tsiku lina kudabwera alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa akazi anga, mwinimbumba. Ndi kamunthu kakafupi, kolankhula ngati kakupepesa, koma mawu ake sabwerera. Adandipeza ndili pamphasa masanasana.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Kapena ndifunse kuti mudzuka liti?"

Ndidawayankha ndi mawu anga onse, mpaka nkhuku zidathawa, kuti ine ndidadyetsapo anthu osawerengeka.

"Tidamva, alamu, ndi kuno komwe tinkamva. Koma mlongo wangayu wavutika mokwanira. Mvula yoyamba ikamupeza pansi pa lona, mupinde mphasa yanuyi muzipita kwanu."

Ndidayang'ana akazi anga kuti anditsutsire. Iwo ankangotongola chimanga, maso pansi.

Kwathu kuti? Kwathu ndi kumbali ya Molumbo, ndipo omwe adapitako adandiuza kuti kwangotsala mitengo ya mango ndi anyani. Munthu wa imvi, kupirikitsidwa paukwati ngati kamnyamata kakuba nkhuku!

Tsono nzeru idandibwerera. Nthawi ya nkhondo tchire lidakula, ndipo anthu ankati kashembe, ntchentche zoluma zija, zachuluka. Ndidalengeza mudzi wonse kuti ndadwala kaodzera. Kunena zoona ndidakondwa nayo nthendayi. Wodwala sapirikitsidwa, amaphikiridwa phala. Masiku atatu ndidadya phala la nsinjiro, anthu akubwera kudzandizonda, ine ndikubuula mwaulemu wake.

Koma alamu aja adabwera ndi njinga. "Kaodzera amapha, alamu. Tiyeni kuchipatala ku Milange."

Adandikweza pakaliyala, akazi anga akutsatira panjinga ya mnansi. Tisadafike patali ndidayamba kusinza, ndipo pamalo ena otsetsereka ndidagwera m'chinangwa cha eni ake. Kuchokera pamenepo adandimangirira kumsana kwa alamu ndi chitenje, ngati khanda. Ndimo mmene ndidalowera m'tauni ya Milange, ine amene. Amayi a pamsika adasiya kugulitsa.

Kuchipatalako tidapeza enfermero, ndiye kuti dokotala wamng'ono, bambo wadazi wosakonda kufulumira. Adandigwira m'khosi, kundikoka chikope kuona ngati magazi alimo okwanira, kundifunsa ngati thupi limatentha. Adatenga magazi kukawayang'ana pamakina. Titadikira mpaka dzuwa kupendeka adatiitana.

"Kaodzera sindidamupeze, bambo. Ngakhale malungo mulibe."

"Yang'ananinso!" ndidatero, mawindo mpaka kunjenjemera.

"Kalima, bambo, mtima pansi. Wa kaodzera amatentha thupi, amaonda, amafooka sabata ndi sabata. Inu khosi ili?" Adatembenukira kwa akazi anga. "Mayi, usiku amagona bwanji bambowa?"

Ndidati funso limenelo ndi langa, wogonayo ndine. Iye adati wogona ndiye sadziwa kanthu, mboni ndi wogona pambali.

Akazi anga, munthu amene sadayimbepo ngakhale m'kwaya, adakonza chitenje, kupendeketsa mutu chagada, kutsegula kukamwa. Adaliza mkonono woti chigayo chichepe. Kenaka zii. Adangoti duu osapuma, maso ali otuzuka, mpaka ine ndemwe ndidachita mantha. Mwadzidzidzi adadzidzimuka, "Khrrooo!", miyendo m'mwamba. Odwala a pakhonde adasuzumira pakhomo. Alamu adaseka mpaka kutsamira khoma.

"Usiku wonse, adokotala. Ndimawagwedeza kuti ndione ngati akadalipo. Kutaya madzi kokha amadzuka kanayi."

"Bodza!" ndidatero. "Ine ndimagona ngati mwala."

Enfermero uja sadaseke. Adati munthu wotere akagona chagada, lilime ndi minofu ya kukhosi zimagwera m'mbuyo n'kutseka njira ya mpweya. Thupi limadzidzimuka kuti lipume, kambirimbiri usiku umodzi, mwini wake osakumbuka. Ndiye kukacha umakhala wagona nthawi yaitali koma tulo sudatilawe, n'chifukwa chake mutu kuwawa ndi kusinza masana.

"Madzulo mumamwa?"

"Kakapu kamodzi ka kachasu, kokometsa tulo."

"Kapu yake ndi iyi," adatero akazi anga, akuloza jagi ya madzi patebulo.

Enfermero adati kachasu amakugwetsa msanga, inde, koma amalefula kukhosi, mkonono n'kukula, tulo take n'kukhala todukaduka. Kenaka adawatulutsa awiriwo, n'kukoka mpando kufupi.

"Bambo, mkonono mwakhala nawo zaka, akutero mayi. Koma kukampu munkadzuka. Chasintha n'chiyani? Mukatsegula maso m'mawa, chimene mumachilakalaka n'chiyani?"

 

Mwana wathu woyamba adatengedwa ndi asilikali chaka chomwe tidathawa, akuchokera kumunda. Zaka zonse za kukampu tinkauzana kuti tikamupeza kumudzi, mwina ali ndi mkazi kale. Kumudzi sitidamupeze. Miyezi yoyamba ndinkapita kumsewu kukaona aliyense wotsika lole. Kenaka malole adasiya kubwera. Akazi anga chisoni chawo adachitengera kumunda, nakachithira pa zitsa. Ine changa ndidalowa nacho m'bulangete. Ndikatsegula maso n'kuona lona, ndinkangoti kudzukiranji, n'kutsekanso. Bawo ndidasiya, kutchalitchi ndidasiya, ngakhale kukangana ndi anthu sikunkandikomanso.

Ndidamuuza zimenezi motsitsa mawu. Alamu adandiuza pambuyo pake kuti panja adamva zonse.

Enfermero adati mtima ukalemera, ena tulo timawathawa, ena timawakwirira, ndipo si ulesi ayi. Kwa ine zidakumana ziwiri, khosi ndi mtima, kachasu n'kukhala nkhoswe yake. Jakisoni wa zimenezi adati alibe. Adandilamula kusiya kachasu, kugona chammbali, kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse n'kutuluka panja ngakhale thupi likane, osagonanso masana, ndiponso osagwira ntchito ndekha koma ndi anthu. Adati mwezi ukatha ndibwerenso, ndipo maganizo akafika poipa ndisadikire mweziwo.

"Nanga munthu ali m'tulo angadziwe bwanji kuti wagona chagada?" ndidafunsa, kufuna kumugwira.

"Mayi adziwa chochita."

Adadziwadi. Adasokerera chitsononkho cha chimanga kumsana kwa malaya anga ogonera. Ndikangoti nditembenuke chagada, chinkandibaya pamsana ine n'kubwerera chammbali ndikutukwana. Ndidachichotsa kawiri. Kachitatu adasokererapo ziwiri.

Musaganize kuti ndidachira ngati wopemphereredwa. Sabata yoyamba yopanda kachasu tulo tidavuta kubwera, ndipo ndinkakalipira ngakhale mbuzi. M'mawa uliwonse alamu ankafika ndi chikwakwa chawo, n'kukhala pakhomo osalankhula, akungotsokomola mwaulemu mpaka ine manyazi kundidzutsa. Sabata yachitatu ndidadabwa kuti mutu wasiya kuwawa. Mkonono sudathe, mpaka lero ulipo, koma akazi anga adati kufa kuja kwachepa.

Kudambo lapafupi tidapeza phulusa lokhalokha, a mbewa atadutsa kale. Udzu wotsala unali kuphiri, ulendo wa m'mawa wonse, mtolo umodzi patsiku. Panjira imeneyo ndi pamene alamu adayamba kukamba za mwana wathu uja, mmene ankawabera nzimbe ali wamng'ono. Tidaseka, kenaka tidakhala pamwala osayang'anana. Kuyambira tsikulo tinkamutchula dzina tsiku ndi tsiku. Ku Milange ndidabwererako mwezi utatha, ndikupalasa ndekha.

Mvula sidafunse kuti tafika pati. Idagwa masana ena ine ndili padenga, nditafolera mbali imodzi yokha ndi kachidutswa ka inayo. Kwinako kunali lona yomwe ija. Ndidatsika ndili chonyowa, n'kupeza akazi anga akokera ufa, mabulangete ndi mphasa yawo kumbali youma. Mphasa yanga adaisiya kumene kunkadontha.

Mvula itakata alamu adafika, matope mpaka m'mawondo. Adayang'ana denga, kuyang'ana ine.

"Mawu aja tidanena, alamu."

"Mudati ikawapeza pansi pa lona!" ndidakuwa. "Afunseni ngati anyowa!"

"Mlongo, wanyowa?"

Akazi anga adagwira chitenje chawo uku ndi uku, osafulumira, ngati akugula nsalu pamsika. 

"Ine sindidanyowe, achimwene. Anyowa ndi eni denga. Asiyeni agone komweko mpaka atsirize. Mukawapirikitsa lero, mbali inayo mufolera ndinu?"

Alamu adakanda m'mutu, nati msana wawo sulola kukwera padenga.

Masiku asanu ndi anayi ndidagona kodonthako, beseni pambali, zitsononkho ziwiri kumsana. Udzu wotsala ndidachita kupempha mtolo umodziumodzi kwa anansi, ine amene sindidapemphepo kanthu kwa munthu. Tsiku lakhumi ndidamanga mtolo wotsiriza pansonga, n'kutsika, n'kukokera ndekha mphasa yanga kumbali ya akazi anga. Iwo adaisuntha pang'ono ndi phazi, kuti mkonono usawalowe m'khutu, koma sadaitulutse.