Kusinja kwa M'khutu mwa Exildah

Ku Chawama, m'zaka zija za chipani chimodzi, aliyense ankawadziwa ba Josiah Njobvu, mmisiri wa matabwa wochokera ku Katete. Anafika mu Lusaka dziko lisanalandire ufulu, atanyamula sowo ndi nyundo basi. Anali munthu wosachedwa kupsa mtima thabwa likapindika, koma woleza modabwitsa ndi anthu opindika. Mwina n'chifukwa chake anawasankha kukhala tcheyamani wa sekishoni, kagawo ka chipani ka nyumba makumi awiri ndi zisanu.

Bwalo lawo linali mabenchi atatu, opala okha, kuseri kwa shedi. Kumeneko kunkabwera timilandu ta m'komboni, monga kutukwanizana, nkhuku yosowa, mbama ya pamowa. Mphamvu yomanga munthu analibe, ndipo sankadzinamiza kuti ali nayo. Ntchito ya iwo ndi komiti yawo inali kumva mbali zonse, kudzudzula wolakwa, n'kumuuza apepese ndi kanthu. Wokana chigamulo ankamulembera kalata yopita ku lokolo khoti, kumene akuluakulu oikidwa ndi boma ankaweruza za miyambo. Koma panali malire amene ba Njobvu ankawanena mlandu uliwonse usanayambe.

"Ngati pali magazi, mpeni, kugwirira olo imfa, apa si pamalo pake," ankatero. "Ivo ni va kapokola, va kupolisi."

Anali ndi mwana mmodzi yekha, Angelina, amene anamulera okha mayi ake atamwalira. Mtsikanayo anatengera mtima wapachala wa bambo ake, koma kuleza kuja sanatengeko.

Lolemba lina m'mwezi wa Okutobala, madzi akudontha pang'onopang'ono pampopi, Angelina anakangana pamzere ndi Exildah Mwape, mayi wa ku Kasama wogulitsa tinsomba touma ta kapenta. Mawu atatha, Angelina anatukula ndowa yachitsulo n'kumumenya nayo cha kumtunda kwa khutu. Exildah anakhala pansi kanthawi, kenako anadzuka, natunga madzi ake.

Mlandu unamveka mawa lake masana. Popeza wolakwa anali mwana wawo, ba Njobvu anasiyira mpando wachiwiri wawo, ba Whyson, iwo n'kukhala kumapeto kwa benchi. Apo anachita bwino. Koma ba Whyson atafunsa ngati nkhaniyo inali yoyenera bwalolo, ba Njobvu ndiwo anafulumira kuyankha, munthu asanawafunse.

"Palibe magazi. Onani mweka."

Anthu anayang'ana. Panalidi kachotupa chabe, kobisika m'tsitsi. Angelina anagwada napepesa, ndipo komiti inagamula kuti apereke nkhuku yoyera. Mwamuna wa Exildah, ba Chalwe, analandira thadzilo. Pamene ankagwirana chanza, Exildah anapendeketsa mutu ngati womvetsera.

"Nindani asinja?" anafunsa.

Panalibe amene ankasinja. Dzuwa linali paliwombo, komboni yonse ili zii. Anthu anaseka pang'ono, ndipo ba Njobvu anaseka nawo.

Lachitatu thadzi lija linabwerera. Ba Njobvu analipeza litaima pa benchi, pamalo enieni pamene Exildah anakhala, osatola kanthu, osalira. Ba Njobvu analinyamula kukalibweza okha. Anapeza Exildah atakhala pakhomo, kapenta ali pambali ntchentche zili ng'waa, diso limodzi likuoneka lalikulu kuposa linzake.

"Ba tcheya, uzani uja asinja apumuleko," anatero mwaulemu. "Mutondo uzang'ambika."

Apa m'pamene akanati amutengere kuchipatala ndi kupolisi. Anadziwa, ndipo moyo wawo wonse sanakanepo kuti anadziwa. Koma anaganiza za Angelina, nangoti mayiyo amwe madzi ambiri, n'kubwerera kukapala matabwa. Lachinayi thadzi linabweranso. Lachisanu m'mawa Exildah sanadzuke, ndipo pa mtsamiro pake panali kadontho ka magazi kochokera m'khutu, kakang'ono ngati njere ya mapira.

Munthu akafera panyumba, achibale ankayenera kukanena kupolisi asanapatsidwe chilolezo choika maliro, ndipo apolisi ankafuna kalata ya tcheyamani yofotokoza mmene wafera. Masana omwewo ba Chalwe anabwera ku shedi ndi akulu awiri a kwawo. Sanabwere ndi ukali. Ankaopa kuti apolisi akalowapo, thupi likang'ambidwa ndi madokotala, ndipo kwa iwo kuika munthu wotumbulidwa kunali kuputa mzimu wake.

"Mukwai, lembani chabe kuti ni maleriya," anatero ba Chalwe. "Imwe mupange bokosi, mudyese anthu pamaliro. Vinangu tizakamba pachibale. Mwana wanu azankhala panyumba."

Kunena zoona, ba Njobvu anavomera. Ndani akanakana? Anatenga matabwa a mukwa amene ankasungira bokosi lawo lomwe, nayamba kukhoma. Atakhoma misomali inayi anaima kuti apukute thukuta, koma kugunda sikunaime. Kunkamveka pansipansi, du, du, du, ngati munsi mumtondo wopanda chimanga. Anazungulira shedi, nasuzumira kwa aneba. Azimayi onse anali kumaliro, mitondo ili chafufumimba. Atabwerera anapeza thadzi loyera lili m'bokosi losathalo, litapendeketsa mutu.

Anakhala pa benchi ali ndi mantha amene sanawamvepo. Kenako anang'amba pepala m'buku la sekishoni nalemba zonse, za ndowa, za chotupa, za nkhuku, ndi mawu awo omwe aja akuti palibe magazi. Anaitana Angelina n'kumuwerengera.

"Atate, si munakamba kuti nkhani inasila?"

"Inasila pamene anali moyo. Manje yatipitirira, mwana wanga. Imfa sitiweruza pa benchi."

"Muzanipereka mweka?"

"Nizakuperekeza neka."

Anayenda wapansi mpaka kupolisi, bambo patsogolo, mwana pambuyo. Ba Chalwe ndi achibale a Exildah anakwiya kwambiri, chifukwa chimene ankaopa chija chinachitikadi. Dokotala anapeza fupa la mutu litang'aluka, magazi ataundana mkati. Mlandu sunapite n'komwe ku lokolo khoti. Majisitireti anangoumva poyambira n'kuutumiza ku khoti lalikulu, pakuti mlandu wa imfa ya munthu umaweruzidwa kumeneko. Ba Njobvu anaima m'bokosi la mboni, ndipo woweruza anawafunsa chifukwa chimene sanatumizire mayiyo kuchipatala Lachitatu lija. Anayankha kuti analibe chifukwa chimene angachinene pamaso pa anthu. Angelina anapezeka wolakwa pa kupha munthu mosafuna, napatsidwa zaka zinayi.

Utcheyamani sanawachotse, ngakhale anapempha. Anakhalapo mpaka zipani zambiri zitabwerera, koma malire aja anawasintha. Munthu akangoti wamenyedwa m'mutu, magazi aoneke asaoneke, ba Njobvu ankatseka buku n'kumuperekeza okha kupolisi kukatenga pepala la kuchipatala. Ena ankawaseka kuti nkhalamba yayamba mantha, ndipo sankalakwitsa.

Angelina atatuluka anakakhala kwa azakhali ake ku Mandevu. Anakwatiwa konko, nabereka ana atatu, koma ku Chawama sanapondeko. Ba Njobvu anakalamba okha m'shedi muja, makutu atagontha moti wogula ankachita kukuwa. Komabe dzuwa likafika paliwombo ankaika nyundo pansi, n'kupendeketsa mutu, n'kufunsa aliyense amene ali pafupi ngati naye akumva.