Mawu amapasa a aphunzitsi Chavula

A Kinsley Chavula anafika kuno ku Thambani ndi sutikesi imodzi, boma litawatumiza kuchokera ku Rumphi kudzaphunzitsa masamu. Anakwatira konkuno, nabereka Jane. Ine ndine Esime, ndimasoka zovala pakhonde loyang'anizana ndi nyumba yawo, ndiye za pamenepo musandifunse kuti ndazidziwa bwanji.

Chichewa amachidziwa, inde, mawu onse ali nawo. Koma kayimbidwe kake, mayo ine! Okha anandiuza kuti m'Chitumbuka mawu sasintha tanthauzo chifukwa chokweza kapena kutsitsa liwu, choncho makutu awo sanazolowere. Akuluakulu tinkangowamva bwinobwino. Ana ndiwo alibe chisoni. Anzake a Jane ankawayeserera, mpaka mwanayo, wa zaka zisanu ndi zitatu, anayamba kutsalira m'mbuyo popita kusukulu kuti asaoneke nawo limodzi. Bamboyo ankatembenuka kawirikawiri. Zinkandiwawa ine woonerera.

Tsiku lina a Chavula anabwera ndi buluku loti ndipinde, koma buluku linali chonamizira.

"Mayi Esime, tanenani kuti mtengo."

"Uti? Wa mango kapena wa pamsika?"

"Onse awiri. Koma lililonse m'chiganizo chake."

Ndinati, "Mbuzi yagona pansi pa mtengo." Kenako, "Feteleza wakwera mtengo." Anajambula pafoni, namvetsera kangapo, nkhope ili gwa.

"Ine ndikumva chimodzimodzi."

"Aaa, inu aphunzitsi! Wa mbuziwo liwu likukwera pa te. Wa fetelezawo ndi wogona, fulati ngati tebulo langali."

Kuyambira pamenepo anasanduka mlenje. Mawu olembedwa mofanana koma otchulidwa mosiyana ankawatcha amapasa, ndipo ankawasaka kumsika, kuchigayo, ngakhale pamaliro, Mulungu awakhululukire. Lamulo lawo linali limodzi: amapasa salowa m'foni popanda ziganizo ziwiri zotuluka pakamwa pa munthu wa kuno. Kwa Sankhani wa kabaza anapezako khungu. "Dzuwa landiwotcha khungu," liwu kuyamba pamwamba n'kutsika. "Agogo anagwidwa khungu," liwu kuyamba pansi n'kukwera. Amayi a Jane anawapatsa mbale: "Tsuka mbale iyi," ndi "Uyu ndi mbale wanga," pomwe m uja amaima payekha, ngakhale ambiri polemba sayikapo kachizindikiro. Ameneyu anamumva msanga, anasangalala ngati mwana.

Amene anawazunguza mutu ndi amapasa amene ndinawapatsa ine. Ndinati, "Ndimasoka masiku onse," ndiponso, "Ndimasoka pamene munafika." Loyamba likwera pa ndi, lachiwiri pa so.

"Ndiye kuti mneni aliyense ali ndi mnzake?" anafunsa atagwira m'mutu.

"Mwaziyamba dala," ndinatero.

Nzeru yong'ung'udza inabwera mwangozi. Ndinali ndi mapini pakamwa, ndiye atandifunsanso za mtengo wa mango uja, poyankha ndinangoti mm-MM-mm. Anadumpha! Zilembo zitachoka, nyimbo yokha inatsala, ndipo kwa nthawi yoyamba anaimva. Basi, munthu wamkulu, wa tayi, n'kumayenda mumsewu akung'ung'udza ngati njuchi. Ena ankati aphunzitsi ayamba kuzungulira mutu. Jane anawonjezera mtunda.

Koma ndinkamuona mwanayo. Bambo ake akakhala pakhonde langa, iye ankapeza chifukwa chodzatolera tizidutswa ta nsalu ta chidole chake, khutu lili kuno.

Loweruka lina Jane anabwera ndi anzake awiri, omwe aja oyeserera. Anaima patsogolo pa bambo ake manja ali kumbuyo.

"Adadi, ndakupezerani amapasa. Mwezi."

Anzakewo anagwirana, kuseka kuli pafupi.

"Ziganizo," anatero a Chavula.

"Mwezi wawala. Mwezi watha."

Ine ndinadziwa kuti amenewo si amapasa, katchulidwe n'kamodzi, matanthauzo okha ndiwo awiri. Koma mwana amene wakhala akukuthawa wakubweretsera mphatso, ungaikane? Ndinaponda makina mwamphamvu kuti pakamwa panga pasandipereke.

A Chavula anamuuza abwereze. Anatsinzina, nang'ung'udza loyamba, nang'ung'udza lachiwiri. Foni inali m'manja, koma sanajambule.

"Mwanawe, pepa. Ine ndikumva chimodzimodzi. Awa salowa."

Jane anatembenukira anzake aja.

"Mwaona? Ndinakuuzani kuti sangakodwe. Amamva!"

Anthuni, ndinasokera chala. A Chavula anangoti kukamwa yasa, kenako anayang'ana kumbali, akuti m'maso mwalowa fumbi.

Kunena zoona, mpaka lero akamatchula mtengo wa mango nthawi zina umatuluka wa pamsika. Koma Lolemba lotsatira Loweruka lija ndinawaona akupita kusukulu, Jane ali pambali pawo atawanyamulira chikwama, akuwakalipira kuti abwerezenso.